Kodi ulemu wa kwathu ulowe mu imelo ya kuntchito?

Mwana woleredwa m'Chichewa amadziwa ulemu asanayambe n'komwe sukulu. Amadziwa kuti mnzake wosewera naye ndi "iwe" koma amalume ndi "inu", kuti mng'ono wake amuuza "bwera" koma agogo awauza "bwerani", ndiponso kuti dzina la munthu wamkulu silituluka pakamwa lili lokha popanda "a" patsogolo. Ulemu wathu uli m'kati mwa mneni, moti sungamalize chiganizo usanasankhe pomuika munthu amene ukuyankhula naye. Mwana yemweyo akakula n'kupeza ntchito, amakhala pa kompyuta kuti alembere munthu wa msinkhu wa bambo ake, n'kupeza kuti Chingerezi chamupatsa "you" mmodzi yekha, yemweyo wa mfumu, yemweyonso wa mwana wa sitandade 1. Chichokereni 1968, pamene Chichewa chidakhala chiyankhulo cha fuko, makalata a m'maofesi akhala akulembedwabe m'Chingerezi, choncho vutoli si la lero. Imelo yangolikulitsa, chifukwa masiku ano aliyense amadzilembera yekha, palibenso mlembi womukonzera mawu.

Anthu amagawikana pa nkhaniyi. Ena akuti ulemu wa kwa akuluakulu uzitsala pakhomo la ofesi, imelo izingonena ntchito. Ena akuti munthu sasiya mwambo wake chifukwa choti wasintha chiyankhulo. Kukangana m'malere sikuthandiza, ndiye tiyeni titenge nkhani imodzi imene inachitika pa bungwe lina losakhala la boma mu Lilongwe.

Pa bungwelo pali mtsikana wothandiza akauntanti. Palinso bambo ena oyang'anira mapulojekiti, a zaka zopitirira 60, munthu wolemekezeka amene achinyamata ambiri pa ofesipo anawaphunzitsa ntchito. Bambowa anatenga K480,000 ya mafuta ndi maalawansi a ulendo wa ku Dedza. Lamulo la bungwelo limati munthu akabwerako apereke malisiti ndi ndalama zotsala pasanathe masiku 7. Masabata atatu anadutsa, malisiti osaoneka, pamene mabuku amayenera kutsekedwa Lachisanu kuti lipoti lipite kwa opereka thandizo. Mtsikanayo ndiye anali ndi udindo wokumbutsa.

Imelo yake yoyamba inali ndi mutu woti "Greetings". Ndime yoyamba inafunsa za moyo ndi za kunyumba. Yachiwiri inapepesa chifukwa chowasokoneza pa ntchito zawo zambiri. Nkhani yeniyeni inabwera m'ndime yachitatu, ndipo inati: "I was humbly wondering if, whenever you are free, you may kindly consider the issue of the receipts." Sanatchule kuchuluka kwa ndalama, sanatchule tsiku. Bambo aja anayankha mokoma mtima kuti amva, ndipo anamutchula kuti mwana wawo. Lachisanu linadutsa. Mkulu wa bungwe, mzungu, anauza mtsikanayo kuti azilemba molunjika ngati mmene amalembera iyeyo. Imelo yachiwiri inayamba ndi "Hi" ndi dzina loyamba la bambo aja, kenako "Send the receipts by Friday", ndipo mkulu wa bungwe anaikidwa pa CC. Malisiti anabwera tsiku lomwelo, koma bambowo anakadandaula kwa oyang'anira antchito kuti mwana uyu ndi wamwano, ndipo kwa nthawi yaitali awiriwa ankangodutsana m'khonde opanda moni.

Mnyamata wina pa ofesi yomweyo, amene anakhalako ku Britain, amaimira mbali yoyamba mwamphamvu. Iye akuti imelo yoyamba ija ndiyo inalakwa, ndipo inalakwa chifukwa cha ulemu. Mfundo zake sizoti tingazitaye. Anthu amawerenga imelo pa foni, ali pakati pa misonkhano, ndipo chimene amaona ndi mutu ndi mizere iwiri yoyambirira. Pempho lobisika m'ndime yachitatu lili ngati silinalembedwe. Komanso mawu oti "whenever you are free" kwa ife ndi kugwada chabe, aliyense amadziwa kuti wonenayo akufuna chinthucho msanga, koma akalembedwa amatanthauza zimene akunenazo: palibe changu. Bambo aja sananame ponena kuti sanauzidwe za Lachisanu.

Mnyamatayu amatchulanso zinthu ziwiri zimene inenso ndaziona zikusokoneza ntchito. Choyamba ndi "pepani". Ife timati pepani pofuna kudutsa, posokoneza munthu, pomva kuti mnzathu wapunthwa kapena waferedwa, ngakhale sitinalakwe kanthu. Koma imelo imasungidwa. Ikadzawerengedwa patapita miyezi ndi maodita kapena ndi munthu wakunja, "I am sorry" wolembedwa katatu amaoneka ngati wolembayo ndiye anachedwetsa ntchito. Chachiwiri ndi chizolowezi chotenga "a" ndi "iwo" wathu n'kumusandutsa "they". Munthu akufuna kunena kuti abwana avomera, n'kulemba "they have approved". Wowerenga wosadziwa Chichewa amaganiza kuti yavomera ndi komiti, pamene wavomera ndi munthu mmodzi, ndipo pa nkhani ya ndalama kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Pamene amandikhudza kwambiri ndi pa nkhani ya mantha. Akuti ulemu wambiri wa m'maofesi mwathu ndi mantha ovala bwino, ndipo akauntanti woopa kufunsa lisiti kwa munthu wamkulu sangateteze ndalama za wina aliyense. Sindinganene kuti ulemu ndiwo unabweretsa kusolola kwa ndalama za boma kumene kunaululika ku Capital Hill mu 2013, koma dziko limene linaona zimenezo liyenera kulakalaka achinyamata otha kulembera wamkulu kuti malisiti akufunika Lachisanu, dzanja osanjenjemera. Pamenepa mnyamatayu ndikugwirizana naye kotheratu.

Timasiyana akamapitirira kunena kuti Chingerezi chilibe ulemu, kuti kwa azungu aliyense ndi wofanana, choncho tizingoti "Hi" kwa aliyense. Amene anamuyankha bwino ndi mayi ena amene anagwira ntchito ya ulembi m'boma kwa zaka zambiri, kuyambira nthawi ya makina otayipira, ndipo pano anapuma. Iwo akuti mnyamatayu anaona Chingerezi cha malo amene ankagwirako ntchito n'kuganiza kuti ndicho chonse. Ulemu m'Chingerezi ulimo, kungoti umakhala malo ena. Ife timauika m'mneni ndi patsogolo pa dzina, iwo amauika m'kapangidwe ka pempho. Sanena "Send", amasandutsa lamulo kukhala funso: "Could you please send". Akafuna kulemekeza koposa amati "I would be grateful if you could". Ndipo "you" amene timamuona ngati wouma uja ndiye anali "inu" wawo kalelo. Mawu amene anatayika m'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku ndi "thou", amene anali "iwe". Malinga ndi mayiwa, imelo yachiwiri ya mtsikana uja ikanamveka yaukali ngakhale ku London, chifukwa wamng'ono pa udindo salamula wamkulu ndi mneni wosavala kanthu.

Mayiwa anawonjezera mfundo imene inandichititsa kuiona nkhani yonse mwatsopano. Akuti mawu ambiri amene timawatcha ulemu wa kwathu tikamalemba Chingerezi si a kwathu ayi. "I humbly beg", "I have the honour", ndi kutsiriza kalata ponena kuti ndiwe "obedient servant", zonsezi ndi zotsalira za makalata a nthawi ya atsamunda, zimene makalaliki ankaphunzitsana. Kenako kunabwera nthawi ya chipani chimodzi, makamaka kuyambira 1971 pamene Dr. Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya, pomwe kuiwala dzina limodzi laulemu la mtsogoleri inali nkhani yoopsa. Mibadwo ya alembi inazolowera kuti kalata yotetezeka ndi yodzichepetsa mopitirira. Koma pabwalo la mfumu si mmene zimakhalira. Nduna imawomba m'manja, imatchula mfumu ndi akuluakulu onse mwaulemu, ikatero imanena mosabisa kuti wolakwa apereke mbuzi imodzi pofika tsiku lakuti. Palibe amene amati ndunayo yachita mwano potchula mbuzi ndi tsiku. Choncho imelo yoyamba ija sinali ndi ulemu wochuluka wa Chichewa. Inali ndi theka lake, kuwomba m'manja kokha, mlandu osaunena.

Tsopano tiyeni timve mbali ya bambo aja, chifukwa n'kosavuta kuwaweruza kuti ndi achikale. Iwo amawerenga Chingerezi bwino kuposa ambiri a ife, koma amachimva ndi makutu a Chichewa, ngati mmene timachitira tonse. Dzina lawo loyamba limatchulidwa ndi anthu ochepa kwambiri, anzawo amene anakulira limodzi ndi akuluakulu a kwawo. Ngakhale akazi awo amawaitana ndi dzina la mwana woyamba kapena ndi mfunda. Ndiye akatsegula foni n'kuona dzina limenelo litaima lokha, lolembedwa ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo womaliza, chimene amamva ndi "iwe". Kuwauza kuti m'Chingerezi n'zololedwa sikuchotsa ululuwo. Imelo ija sinapite ku London, inachoka pa desiki imodzi ya ku Lilongwe kupita pa desiki ina ya ku Lilongwe komweko. Wolemba wanzeru amayang'ana amene akawerenge, ndipo pano wowerenga anali Mmalawi wa imvi.

Koma powamvetsetsa bwino, chimene chinawapweteka kwambiri sichinali dzina. Chinali CC. Kwathu wamng'ono akaona cholakwa kwa wamkulu amamutengera pambali, kapena amadzera kwa munthu wina wamkulu mnzake. Kumudzudzula pagulu ndi kumuvula. Kuika mkulu wa bungwe pa imelo yokumbutsa, munthu usanayankhule naye pamaso, kwa bambowa kunali kuwaneneza. Ambiri amene amaphunzitsa kalembedwe ka imelo amatha nthawi pa mawu oyambira ndi otsirizira, koma m'maofesi mwathu anthu ambiri anadana chifukwa cha CC ndi Reply All kuposa chifukwa cha moni. Ndikudziwa kuti nthawi zina CC ndi chishango cha wamng'ono, umboni woti iye anakumbutsa. Imeneyo ili ndi nthawi yake, pamene wakumbutsa kawiri osayankhidwa, ndipo ngakhale pamenepo ndi bwino kuwadziwitsa kaye kuti tsopano mukakamizika kudziwitsa akuluakulu.

Nkhaniyi ikukambidwa pa nthawi ya tiyi, dalaivala wina wachikulire analowererapo. Iye anamva ngati funso ndi loti kodi maimelo azilembedwa m'Chichewa, ndipo anati zingakhale bwino chifukwa iye amachita kupempha anthu kuti amuwerengere zina. Anzake anamuuza kuti nkhani si imeneyo. Koma asanachoke ananena chinthu chimene chinakhazika anthu chete. Anati iye ndi wamkulu kuposa bambo a mapulojekiti aja, koma chiyambireni ntchito palibe anamulemberapo "Dear Mr". Uthenga wake umangoyamba ndi dzina loyamba, n'kumuuza ola loti galimoto ikhale itafika.

Apa ndi pamene ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi ngongole. Amene amati ulemu wa kwathu ulowe mu imelo, nthawi zambiri amatanthauza ulemu wa kwa abwana. Mkulu wa zaka 35 amalandira "Dear Sir", pamene mlonda, mesenjala kapena mayi wosesa wa zaka 60 amaitanidwa ngati mwana. Umenewo si ulemu wa Chichewa. Chichewa chimaona udindo, inde, koma chimaonanso msinkhu, ndipo mfumu yeniyeni imati "inu" kwa nkhalamba yosauka ya m'mudzi mwake. Ngati pali chinthu chimodzi cha kwathu choyenera kulowa mu imelo ya Chingerezi popanda kukayika, ndi chimenechi, chifukwa dongosolo la ofesi palokha silimuona munthu wa imvi amene alibe udindo. Manijala wachinyamata amene amalembera dalaivala wake "Dear Mr Phiri, could you please" sataya mphamvu iliyonse, ndipo galimoto imafikabe pa nthawi yake.

Nanga mtsikana uja akanalemba bwanji? Mayi opuma aja akuti akanayamba ndi miyendo. Akanapita ku ofesi ya bambowo, kuodira, kupereka moni m'Chichewa, kufunsa za kunyumba, n'kunena kuti awatumizira imelo ya malisiti a ku Dedza popeza mabuku akutsekedwa. Moni wautali malo ake ndi pamenepo, pakamwa. Akatero imelo imangokhala chikumbutso cha zimene agwirizana kale. Tiyerekeze kuti bambowo ndi a Banda:

Subject: Dedza trip receipts (K480,000) needed by Friday

Dear Mr Banda,

Good morning. I hope you are well.

Could you please send me the receipts for the K480,000 advance by 12 noon on Friday? We close the books that afternoon, and the donor report cannot go without them.

If any receipt is missing, please let me know and I will come to your office.

Kind regards,

Tiyeni tiione pafupi. "Mr Banda" wagwira ntchito ya "a Banda". Akanakhala dokotala, pulofesa kapena m'busa, dzina la udindowo ndi limene likanakhala pamenepo, ndipo ndi bwino kufunsa kusiyana n'kulota. Chimene sichiyenda ndi kuphatikiza "Mr" ndi dzina loyamba, ngakhale kwathu "a" amalowa pa dzina lililonse. "Dear Sir/Madam" ndi ya munthu amene simukumudziwa, ndipo kuilembera munthu amene mumamwa naye tiyi kumaonetsa ngati simunafune n'komwe kukumbukira kuti ndi bambo kapena mayi. Moni ulipo, mzere umodzi, wokwanira kuti Mmalawi asamve ngati walowedwa m'nyumba popanda odi. Pempho lili ngati funso, koma ndalama, tsiku ndi ola zatchulidwa. Chifukwa chaperekedwa, ndipo ichi n'chofunika kwambiri: wamkulu akaona kuti amene akukakamiza ndi lipoti, osati mtsikana, samva ngati akulamulidwa ndi mwana. Mzere womaliza ndiwo wa kwathu kwenikweni, wamng'ono kunena kuti ndine ndibwere kwanuko. Mulibe kupepesa, chifukwa wolembayo sanalakwe. Mulibenso "kindly", mawu amene ife timawakonda poganiza kuti ndi ofewa, pamene eni chiyankhulo ena amawamva ngati a munthu amene wayamba kutopa nawe. Kwa Mmalawi mnzanu alibe vuto, koma ngati imelo iwerengedwenso ndi akunja, "please" ndi wotetezeka.

Mungadziwe bwanji kuti mwapitirira muyeso? Werengani mutu ndi mizere itatu yoyamba yokha, n'kudzifunsa ngati munthu wotanganidwa angadziwe chimene mukufuna ndi tsiku lake. Ngati sangadziwe, ulemu wameza uthenga. Kenako tembenuzirani imeloyo m'Chichewa mumtima, ngati mukuyankhula ndi munthuyo pamaso. Mukapeza kuti ikutuluka ndi "iwe" ndi "tumiza", mwachotsa zambiri.

Sizonse zimene zimatha bwino chonchi. Pali mabungwe, makamaka a kunja, amene amalamula kuti aliyense aziitanidwa ndi dzina loyamba, ndipo pali akuluakulu ena, Amalawi amene, omwe amanena okha kuti musanditchule "Mr". Mnyamata wa ku Britain uja akuti munthu akakupempha zimenezo, kupitiriza kumutchula "Sir" ndiko kusamvera. Mayi opuma aja akuti iwo lilime silingalole, ndipo amaona kuti wamkulu akatero amangofuna kuoneka womasuka, koma tsiku limene mudzasemphane adzakumbukira kuti mumamutchula dzina. Ine ndimatsatira zimene mwini dzina wapempha ndikamamulembera iye yekha, koma ndikamamutchula mu imelo yopita kwa anthu ambiri ndimabwerera ku dzina laulemu. Sindikunena kuti njira imeneyi ikhutiritsa onse, ndipo awiriwa sanagwirizanebe.

Palinso mtolo umene sugawidwa mofanana. Mnyamata akalemba mwachidule amati ndi wochangamuka. Mtsikana akalemba mawu omwewo amati ndi wamwano, sanalangidwe. Ndikukayika ngati dandaulo lija likanafika kwa oyang'anira antchito wolemba akanakhala mwamuna. Tikamauza atsikana athu kuti azifewetsa mawu, tisamale kuti tisakhale tikuwaphunzitsa kupepesa chifukwa chogwira ntchito imene analembedwera.

Pa zonsezi ine ndaima apa: ulemu ulowe mu imelo, koma ulowe pa dzina, pa moni, pa kapangidwe ka pempho ndi pa kusankha amene aone nawo uthengawo. Usakhudze nambala, tsiku, kapena chilungamo cha nkhani. Ndipo popeza takamba kwambiri za zimene wamng'ono ayenera kuchita, ndimalize ndi inu akuluakulu, mabwana ndi madona a m'maofesi. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wachinyamata akayamba ntchito, muuzeni tsiku loyamba lomwelo mmene mukufuna kuti azikutchulirani, asamachite kulota. Akakulemberani mwaulemu kuti malisiti akufunika Lachisanu 12 koloko, musafufuze mwano m'menemo. Muyankheni, ndipo malisitiwo mumupatse Lachisanu lisanafike.